Kalata yotseguka kwa atsogoleri a mipingo ndi mabungwe achifundo pa nkhani yosamutsa ndalama kuchoka m'thumba lapadera

Abusa, akuluakulu a mpingo, matrasti, asungichuma ndi inu nonse a makomiti a zachuma,

Tikukulemberani ife amene timasunga ndi kuyendera mabuku a ndalama a mipingo ndi mabungwe achifundo. Nkhani yathu ndi mzere umodzi wa m'lipoti la pachaka umene ambiri a inu mumausainira osaufunsa, mzere wonena kuti ndalama zakutizakuti zasamutsidwa kuchoka m'thumba lapadera kupita m'thumba lalikulu. Mzere umenewu si chilolezo chotengera ndalama. Ndi umboni wolembedwa woti zimene wopereka analamula zachitika kale. Choncho uyenera kukhala ndi kuchuluka kwake kodziwika, tsiku lake, ndi mapepala ouikira kumbuyo. Ukasowa chimodzi mwa zitatuzi, musausainire.

Thumba lalikulu ndi ndalama zimene komiti ingagwiritse ntchito pa chilichonse chogwirizana ndi zolinga za bungwe. Thumba lapadera ndi ndalama zimene wopereka wazimangirira ku ntchito imodzi, mwina polemba kalata, mwina poyankha pempho limene inu eni munalengeza lonena ntchitoyo. Womanga mfundoyo ndi wopereka, ndipo komiti singaimasule ndi voti, ngakhale onse atakweza manja. Izi n'zosiyana ndi ndalama zimene komiti yapatula yokha m'thumba lalikulu, ngati kuika padera zokonzera nyumba chaka chamawa. Zimenezo munamanga ndinu, mungamasulenso ndinu, bola zilembedwe m'maminitsi. Mabuku ambiri amasokonekera pomwepa, chifukwa mitundu iwiriyi imalembedwa ndi dzina limodzi.

Kwa a mpingo nkhaniyi si yachilendo. Pa 2 Mafumu 12, ndalama zokonzera Nyumba ya Mulungu zinkalandiridwa koma pofika chaka cha 23 cha Mfumu Yoasi ntchito inali isanagwirike, mpaka wansembe Yehoyada anaboola chivundikiro cha bokosi kuti ndalamazo zikhale pazokha. Ndipo sanapangire nazo mbale zasiliva kapena malipenga, ngakhale zinthuzo zinalinso za m'Nyumba yomweyo.

Chinthu china choti chimveke tisanalowe m'manambala: thumba si akaunti ya kubanki. Akaunti imanena kumene ndalama zagona, pamene thumba limanena kuti ndalamazo n'za ntchito yanji. Msungichuma akachotsa ndalama ku akaunti yosungira n'kuziika ku akaunti yolembera macheke, palibe thumba limene lasintha. Ndipo kusamutsa pakati pa matumba kungachitike popanda ndalama iliyonse kusuntha kubanki. Mutha kukhala ndi matumba asanu m'akaunti imodzi, mabuku ali bwinobwino, ndiponso mutha kukhala ndi maakaunti asanu, mabuku ali osokonekera.

Tiyambe ndi mphatso yophweka, yolipirira ntchito imene imatha pomwepo. Tinene kuti thumba lokonzera denga lili ndi 20,000, ndipo mmisiri wamata malo odontha n'kulipidwa 8,000. Pali njira ziwiri zolembera zimenezi, ndipo zonse n'zovomerezeka malinga ndi malamulo amene bungwe lanu limatsatira. Njira yoyamba ndi kulemba 8,000 ija ngati ndalama yotuluka m'thumba la denga mwachindunji. Thumba limatsala ndi 12,000, ndipo palibe kusamutsa kulikonse. Umu ndi mmene mabungwe achifundo a ku Britain amachitira potsatira malangizo awo otchedwa SORP. Njira yachiwiri ndi kulemba zotuluka zonse za bungwe ku mbali ya ndalama zosamangidwa, kenaka n'kumasula 8,000 kuchoka m'thumba la denga kuti ikakwirire malipiro a mmisiri. Umu ndi mmene amachitira ku United States, kumene bungwe loika malamulo a mabuku a ndalama lotchedwa FASB linakonzanso malamulo a malipoti a mabungwe osapanga phindu mu 2016. M'njira zonse ziwiri thumba la denga limatsala ndi 12,000.

Vuto limabwera njira ziwirizi zikasakanizidwa, ndipo zimasakanizika kawirikawiri msungichuma akasintha pakati pa chaka. Woyamba analemba 8,000 m'thumba la denga tsiku lolipira mmisiri. Wachiwiri, potseka chaka, anaona invoisi ya denga n'kusamutsanso 8,000 kupita m'thumba lalikulu. Thumba la denga latsika kawiri, likuonetsa 4,000 m'malo mwa 12,000, ndipo thumba lalikulu lanenepa ndi 8,000 imene si yake. Kubanki zonse zikugwirizana, chifukwa palibe ndalama yasowa, ndiye kufananitsa mabuku ndi sitetimenti sikungagwire cholakwikachi. Chikanaonekera msanga thumba likanakhala ndi 8,000 yokha, pakuti likanagwa pansi pa ziro. Koma mukakhala ndalama zina, chimabisala mpaka tsiku limene mudzafune kumaliza denga n'kuuzidwa kuti ndalama zake zinatha. Mochigwirira ndi motere: pa kusamutsa kulikonse, funsani kuti malipiro amene akukwiriridwawo analembedwa m'thumba liti. Ngati analembedwa kale m'thumba lapadera, kusamutsa sikufunikanso.

Mphatso imene imavutitsa kwambiri ndi yogulira katundu wokhalitsa, ndipo apa tikhalitsapo. Tinene kuti m'mwezi wa Malichi munthu wina wapereka 60,000 ndi kalata yonena kuti ndalamazo n'zogulira galimoto yoti izigwira ntchito za mpingo. Tsiku lomwelo msungichuma alembe 60,000 yolowa kubanki, ndi 60,000 ngati chopereka m'thumba latsopano la galimoto. Kalata ija aisunge pamodzi ndi kope la lisiti, ndipo pa lisitipo palembedwe mawu a cholinga monga mmene woperekayo wanenera, osati mmene komiti ikufunira kuwamvera. Mawu amenewo ndi amene adzaweruze chilichonse chotsatira.

Pa 1 Julaye galimoto yagulidwa pa 52,000. Kuinyamula kuchokera kwa wogulitsa ndi kuilembetsa koyamba kwatenga 3,000. Izi ndi ndalama zofikitsa galimotoyo pamalo oti iyambe ntchito, choncho zimawerengeredwa ku mtengo wake, ndipo mtengo wonse ndi 55,000. Palinso inshuwalansi ya chaka ndi mafuta oyamba. Izi si kugula galimoto ayi, ndi kuyendetsa galimoto, ndipo popeza kalata yanena zogula zokha, zilipiridwe kuchokera m'thumba lalikulu. Kalata ikanati zogulira ndi kuyendetsera, yankho likanasintha. Ena amati kumeneku n'kukhwimitsa zinthu mopitirira. Ife tikuti n'chapafupi kufunsa wopereka lero kusiyana ndi kudzamufotokozera patatha chaka chifukwa chimene ndalama zake zinagulira mafuta.

Tsopano onani chimene chachitika m'mabuku. Kubanki kwachoka 55,000, koma m'mabuku a bungwe lolemba katundu wake, kugula galimoto sikuwerengedwa ngati ndalama yomwazika. Chuma changosintha maonekedwe: chinali ndalama, tsopano ndi galimoto. Ndiye thumba la galimoto likuonetsabe 60,000, pomwe m'kati mwake muli galimoto ya 55,000 ndi ndalama zenizeni 5,000 zokha. Komiti ikawerenga lipoti osadziwa izi, imaganiza kuti 60,000 ikadalipo, ndipo wina amayamba kale kuipezera ntchito.

Apa ndi pamene pamafunika chigamulo, ndipo chigamulocho n'chanu, osati cha msungichuma yekha. Funso ndi lakuti: kodi zimene wopereka analamula zatha pogula galimotoyo, kapena zikupitirira pa kagwiritsidwe kake? Mu nkhani yathuyi kalata inati galimoto izigwira ntchito za mpingo, kutanthauza ntchito zonse. Lamulo lake lakwaniritsidwa tsiku limene galimoto yafika n'kuyamba ntchito. Kuyambira pamenepo ndi katundu wa thumba lalikulu, ndipo mabuku ayenera kunena choncho. Kusamutsa kwake kumalembedwa motere:

```
Debiti    Kusamutsa kotuluka, thumba la galimoto    55,000
Kirediti  Kusamutsa kolowa, thumba lalikulu         55,000
```

Galimoto yomwe, m'kaundula wa katundu, isinthidwe chizindikiro cha thumba kuti chuma ndi thumba lake ziyendere limodzi. Zindikirani kuti zosamutsidwa ndi 55,000, osati 60,000. Mumasamutsa zimene zagwira ntchito ya wopereka, ndipo malire ake ndi mainvoisi amene ali m'manja. Zindikiraninso kuti kusamutsaku si chopereka chatsopano. Chopereka chinalembedwa kale mu Malichi. Pulogalamu ya pakompyuta ikakhala kuti ilibe mzere wakewake wa kusamutsa, anthu amalemba mbali yolowayo pa mzere wa zopereka ndi yotulukayo pa mzere wa zogula, ndipo lipoti limaonetsa kuti mpingo unalandira 115,000 pa galimoto imene unalandirira 60,000. Tsegulani mzere wa kusamutsa wapadera m'leja, umene potseka chaka uyenera kuthera pa ziro mukaphatikiza matumba onse.

Tsiku nalo lili ndi ntchito. Kulipira dipoziti si kugula. Ngati mu Disembala mwalipira wogulitsa 20,000 ndipo galimoto idzafika mu Febuluwale, potseka chaka 20,000 imeneyo ikadali chuma cha thumba lapadera chimene chili m'manja mwa wogulitsa. Akalephera kubweretsa galimoto n'kubweza ndalama, zibwerera m'thumba lomwelo. Mukasamutsa msanga, zobwezedwazo zimagwera m'thumba lalikulu n'kulowerera.

Tiyeni tione chaka chonse. Thumba lalikulu linayamba ndi 20,000, linalandira 150,000, ndipo linagwiritsa ntchito 148,000. Mu 148,000 imeneyi muli 5,500 ya kutsika mtengo kwa galimoto: komiti yati galimoto idzagwira ntchito zaka zisanu, ndiye 55,000 kugawa kasanu ndi 11,000 pachaka, ndipo kuyambira Julaye mpaka Disembala ndi theka la chaka. Tikaonjezera 55,000 yosamutsidwa ija, thumba lalikulu latseka ndi 77,000. Thumba la galimoto linayamba lopanda kanthu, linalandira 60,000, linasamutsa 55,000, latseka ndi 5,000.

Nambala ya 77,000 ndi yoona, koma ndi yoopsa. Munthu wosazolowera angaone kuti mpingo unayamba ndi 20,000 ndipo watha ndi 77,000, ndiye chaka chayenda bwino zedi, tikweze malipiro, tiyambe kumanga. Koma mwa 77,000 imeneyo, 49,500 ndi galimoto imene yaima panjapo. Zimene mungagwiritsedi ntchito ndi 27,500. N'chifukwa chake timalangiza kuti galimoto ikachoka m'thumba lapadera isasakanizidwe ndi ndalama za tsiku ndi tsiku, koma komiti ipatule m'kati mwa thumba lalikulu kagawo ka katundu wokhalitsa, kamene kuchuluka kwake kazifanana nthawi zonse ndi mtengo wotsala wa katunduyo m'kaundula. Kutsika mtengo kwa chaka ndi chaka kuzidya kagawo kameneko. Mukatero lipoti lidzaonetsa mizere itatu yomveka: 27,500 ya ntchito za tsiku ndi tsiku, 49,500 ya katundu, ndi 5,000 ya wopereka.

Kuyesa ngati zonse zili m'malo sikufuna ukatswiri. Ngati mpingo ulibe ngongole ndipo palibe amene ali ndi ngongole kwa iwo, kubanki ndi m'bokosi muyenera kupezeka 27,500 kuphatikiza 5,000, zomwe ndi 32,500. Wosunga mabuku pa sipuredishiti aike thumba lililonse pa mzere wake, ndi madanga a poyambira, zolowa, zotuluka ndi zosamutsidwa, zotuluka posamutsa zikhale ndi chizindikiro chochotsera. Fomula yoyamba ikupereka potsekera thumba, ndipo yachiwiri iyenera kupereka ziro:

```
=B2+C2-D2+E2
=SUM(E2:E4)
```

Yachiwiriyo ikapereka nambala ina iliyonse, ndiye kuti kusamutsa kwina kunalembedwa mbali imodzi yokha.

Nanga kalata ikanakhala ina? Tinene kuti wopereka analemba kuti galimoto ndi yonyamula odwala a chipatala cha mpingo basi, ndipo ikadzagulitsidwa ndalama zake zidzagwirebe ntchito ya chipatala. Apa lamulo silinathe pogula. Likuyenda ndi galimotoyo kulikonse kumene ikupita. M'njira yolemba zotuluka m'thumba lapadera mwachindunji, simusamutsa kanthu. Galimoto imakhalabe m'thumba lapadera, ndipo kutsika mtengo kwake kumalembedwa momwemo, kotero kuti gawo la galimoto limatsika kuchoka pa 55,000 kufika pa 49,500, kenaka 38,500, 27,500, 16,500, 5,500, mpaka kutha pakati pa chaka chachisanu ndi chimodzi. Ikagulitsidwa pakati, ndalama zogulitsira sizilowa m'thumba lalikulu. Msungichuma akasamutsa galimoto yotereyi tsiku logula, cholakwa sichioneka msanga. Chimadzaoneka patapita zaka zitatu kapena zinayi, komiti ili yatsopano, kalata itaiwalika, galimoto ikunyamula kwaya ndi alendo, kenaka n'kugulitsidwa kuti alipire ngongole ya magetsi. Pamenepo palibenso cholembedwa chokumbutsa aliyense kuti inali ndi mwini cholinga. Pamene kalata ili yosamveka, musasankhe tanthauzo lokukomerani. Lemberani wopereka funso limodzi lachindunji, ndipo yankho lake mulimatike ku kalata yoyamba.

Tibwerere ku 5,000 yotsala ija, chifukwa ndi imene imayesa mitima. Galimoto yagulidwa, aliyense wasangalala, ndipo potseka chaka wina amanena kuti kandalama kameneka kangoyeretsedwa kuti thumba litsekedwe. Kuyeretsa kumeneko ndi kutenga ndalama za ntchito ina popanda chilolezo, ngakhale zitakhala zochepa chotani. Njira yake ndi kulembera woperekayo, kumuuza mtengo wa galimoto, kumupatsa makope a mainvoisi, ndi kumufunsa ngati akufuna kuti zotsalazo zilipire inshuwalansi ndi matayala, zilowe m'thumba lalikulu, kapena zibwezedwe. Akayankha molemba kuti zilowe m'thumba lalikulu, mulembe kusamutsa kwachiwiri kwa 5,000 pa tsiku la yankholo, osati kubwerera nako m'mbuyo ku tsiku logula galimoto. Akangoyankha pakamwa pambuyo pa mapemphero, mulembereni kalata yobwereza zimene wanena kuti asainire. Akati zibwezedwe, imeneyo si kusamutsa, ndi ndalama yotuluka m'thumba lapadera kubwerera kwa mwini wake.

Zimavuta wopereka akakhala kuti anamwalira, sadziwika, kapena ndi anthu mazana amene anaponya m'mbale pa tsiku la chopereka chapadera. Apa malamulo a dziko lililonse ali ndi njira yake, ndipo nthawi zambiri imadzera ku khoti kapena ku ofesi yoyang'anira mabungwe achifundo, monga Charity Commission ku England ndi Wales, kuti ndalamazo zipatsidwe ntchito yoyandikana ndi imene woperekayo ankafuna. Funsani wodziwa malamulo a kwanuko musanasunthe kalikonse. Koma vutoli limapeweka ndi chiganizo chimodzi chonenedwa ndalama zisanalowe. Pa chilengezo, pa envelopu ndi pa kalata yopempha thandizo, nenani kuti ndalama zikadzaposa mtengo wa galimoto, kapena galimoto ikadzalephereka kugulidwa, zidzagwira ntchito zina za mpingo zimene komiti idzasankhe. Wopereka atamva zimenezo wavomereza kale. Chiganizo chimenechi sichigwira ntchito chikanenedwa ndalama zitalowa kale.

Mtengo ukaposa mphatso, nkhani ndi yaifupi. Galimoto ikatenga 63,000, thumba lalikulu liwonjezere 3,000, ndipo komiti ili ndi mphamvu yonse yochita zimenezo. Kuchoka m'thumba lalikulu kupita m'lapadera njira ndi yotseguka. Chosaloledwa ndi kutseka dzenjelo ndi ndalama za thumba lina lapadera, monga za ana amasiye kapena za denga, ndiponso kusiya thumba lili pansi pa ziro chaka ndi chaka pongoyembekezera kuti wina adzapereka. Thumba lapadera limene lili pansi pa ziro likutanthauza kuti ndalama za munthu wina zagwira kale ntchito imeneyo, ndipo muyenera kudziwa kuti n'za yani.

Pali chizolowezi china chimene chimabisala m'mawu akuti kusamutsa, ndipo tikufuna tichitchule poyera. Pakati pa Malichi ndi Julaye, 60,000 ija yangokhala kubanki. Mwezi wa Meyi zopereka zachepa, malipiro a antchito afika, ndipo wina akuti tibwerekeko 15,000, tidzabweza zinthu zikayenda. Nthawi zina zimalembedwa ngati kusamutsa kwa kanthawi. Nthawi zambiri sizilembedwa n'komwe, chifukwa ndalama zonse zili m'akaunti imodzi ndipo cheke chimangodutsa. Kumeneku si kusamutsa, pakuti palibe lamulo la wopereka limene lakwaniritsidwa. M'malamulo a mayiko ambiri n'kuphwanya udindo wa usungi, ndipo matrasti angafunsidwe kubweza kuchokera m'matumba mwawo. Mochidziwira ndi mophweka: mwezi uliwonse phatikizani gawo la ndalama zenizeni la matumba onse apadera, n'kuliyerekeza ndi ndalama zonse zimene zili kubanki ndi m'bokosi. Ngati kumapeto kwa Meyi matumba apadera akunena 60,000 koma kubanki kuli 48,000, ndiye kuti 12,000 ya wopereka yadyedwa kale, kaya pali amene anafuna kapena ayi. Zikapezeka choncho, musachepetse thumba lapadera kuti ligwirizane ndi banki. Lisiyeni pa 60,000, lembani kuti thumba lalikulu lili ndi ngongole ya 12,000 ku thumba la galimoto, iuzeni komiti yonse pa msonkhano wotsatira, ikani masiku obwezera, ndipo auzeni oyendera mabuku asanazipeze okha. Bungwe limene thumba lake lalikulu limauma kawirikawiri ndilo loyenera kusunga mphatso zapadera ku akaunti ina, osati chifukwa mabuku akufuna choncho, koma kuti cheke cha malipiro chikanidwe m'malo modya mwakachetechete.

Timaonanso kusamutsa kwa magawo khumi pa zana alionse kotchedwa ndalama za ofesi. N'zoona kuti kusamalira mphatso kumadya nthawi ya antchito, mapepala ndi mafoni. Koma kudulako gawo kumaloledwa pokhapokha wopereka atauzidwa asanapereke kapena zitalembedwa m'pangano, kapena ngati mungaonetse ndi mapepala kuti ndalamazo zinagwiradi ntchito pokwaniritsa cholinga chomwecho. Pa galimoto yathu ija, 6,000 yodulidwa chifukwa choti ndi mwambo wa ofesi ilibe poimira. Chimodzimodzinso kubweza ndalama zimene thumba lalikulu linagwiritsa ntchito mphatso isanabwere: ngati galimoto inagulidwa kale chaka chatha, mphatso yogulira galimoto siingasamutsidwe kuti ikwirire zakale wopereka asanavomere. Chiwongoladzanja chimene 60,000 yapindula pa miyezi imene inali kubanki nachonso nthawi zambiri chimatsata thumba lake, kupatula ngati wopereka kapena malamulo amene bungwe lanu limatsatira akunena zina.

Tsono pempho lathu kwa inu ndi ili. Pa msonkhano wovomereza lipoti la pachaka, musalandire mzere umodzi wophatikiza kusamutsa konse. Pemphani kuti kusamutsa kulikonse kochoka m'thumba lapadera kubwere ndi pepala lakelake. Pepalalo litchule thumba, libwereze mawu a wopereka monga alili m'kalata kapena m'chilengezo, linene chimene chachitika kuti lamulo lithe ndi tsiku lake, ndipo kumbuyo kwake kumatidwe mainvoisi, umboni wa malipiro ndi chikalata cha umwini wa galimoto m'dzina la bungwe. Litchulenso thumba limene malipirowo analembedwamo, kuti asachotsedwe kawiri, ndi ndalama zimene zatsala. Wolemba kusamutsako asakhale yemweyo wokuvomereza. Ngati bungwe ndi laling'ono ndipo msungichuma amachita zonse yekha, wapampando kapena trasti wina awerenge mapepalawo ndi kusainira, osati kungouzidwa.

M'maminitsi musangolemba kuti lipoti la zachuma lavomerezedwa. Lembani mawu athunthu, monga akuti komiti yaona kalata ya wopereka ndi mainvoisi okwana 55,000, yatsimikiza kuti galimoto inayamba ntchito pa 1 Julaye ndipo palibe lamulo lina pa kagwiritsidwe kake, choncho yavomereza kusamutsa 55,000 kupita ku gawo la katundu wokhalitsa, ndipo 5,000 ikhalabe m'thumba la galimoto mpaka wopereka atayankha. Mawu omwewo, mwachidule, alowe m'ndemanga za lipoti la pachaka pansi pa tebulo la matumba, ndipo wopereka atumiziridwe kalata yokhala ndi manambala atatuwo: zimene anapereka, zimene zagwira ntchito, ndi zimene zikudikira yankho lake.

Ndife anu pa ntchitoyi,
Osunga ndi oyendera mabuku a ndalama a mipingo ndi mabungwe achifundo